Magetsi akabwera, kompyuta idziyatse yokha

Ena mwa inu mumagwira ntchito ku Limbe kapena ku Lilongwe, koma kompyuta yosungira makalata ndi mabuku a bizinesi munaisiya kunyumba ku Luchenza kapena ku Chitakale, ndipo mumailowa pa intaneti muli kutali. Zimayenda bwino mpaka tsiku limene magetsi azima. Akabwera, mababu amayaka, furiji imayamba kulira, koma kompyuta ili zii, ikudikira chala cha munthu. Kuno kwathu nyengo ya mvula, ndi mphepo komanso ziphaliwali za m'mbali mwa phiri, zimenezi zikhoza kuchitika kangapo pa sabata, ndipo simungamatume mwana tsiku lililonse kuti akadine batani.

Chinthu chimodzi muchigwiritse: kubwera kwa magetsi kumayatsa kompyuta pokhapokha itaona magetsiwo atachoka pa chingwe chake kenako nabwerera. Zonse zimene ndikulangizani pano zikuchokera pamenepa.

Yambani ndi BIOS, malo amene kompyuta imasungira malamulo ake oyambira. Mukangoiyatsa, dinani F2 kapena Del mobwerezabwereza. Pa HP nthawi zambiri ndi F10, pa Lenovo ya patebulo ndi F1. Fufuzani mbali ya mphamvu ya magetsi. Dzina limasiyana: ena amalemba Restore on AC Power Loss, ena After Power Loss, pa Dell mupeza AC Recovery. Kawirikawiri pamakhala zosankha zitatu: Power Off, Power On ndi Last State. Sankhani Power On. Ambiri amakopeka ndi Last State chifukwa imamveka yanzeru, koma imabwezera kompyuta mmene inalili magetsi akuchoka. Ikakhala kuti inadzitseka bwinobwino mphindi zingapo magetsi asanathe, imakumbukira kuti inali yozima, ndipo ikhala yozima mpaka mutabwera.

Malamulo amenewa amasungidwa ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, kamene kali m'kati mwa kompyuta. Makompyuta ambiri amene timagula ndi a kaunjika, ndipo kabatire kameneka kamakhala katatopa kale. Mudzadziwa poona kuti magetsi akazima nthawi yaitali, tsiku ndi ola zimasokonekera. Kompyuta yotere imaiwala zimene munasankha, mwinanso kuima poyambira n'kumapempha kuti mudine F1. Sinthani kabatireko musanachite china chilichonse. Mtengo wake sufika pa thiransipoti yochokera ku Limbe.

Tsopano za batire lothandizira, chija pa katoni amalemba UPS, ife timati yupiesi. Anthu amaigula poganiza kuti iwadutsitsa maola onse a mdima. Tiyeni tiwerengere. Yupiesi yaing'ono ya 650VA nthawi zambiri imakhala ndi batire limodzi lolembedwa 12V 7Ah. Kuchulukitsa 12 ndi 7 kumatipatsa 84, kutanthauza mawati 84 kwa ola limodzi. Zimenezo n'zapapepala. Yupiesi nayo imadya gawo lake posintha magetsi, ndipo batire silikhuthulidwa mpaka pansi, choncho ine ndimawerengera theka lokha, pafupifupi 40. Kompyuta yaikulu yodya mawati 80 singadutse theka la ola, ndipo batire likakalamba imatha msanga kuposa pamenepo. Kakompyuta kakang'ono ka mawati 15 pamodzi ndi rauta ya mawati 8 kangakankhe ola ndi theka. Choncho ntchito yeniyeni ya yupiesi ndi iwiri: kumeza kuphethira kwa magetsi kwa mphindi zochepa, ndi kupatsa kompyuta mpata woti itseke mafayilo mwadongosolo. Sikirini musailumikizeko, palibe amene akuiyang'ana.

Apa ndi pamene pali msampha, ndipo unandikola ine ndemwe. Ndinathandiza mayi wina wogulitsa mbewu ndi feteleza ku Thyolo kuika zonsezi, ndipo yupiesi tinailumikiza ku kompyuta ndi chingwe cha USB kuti iziiuza nthawi yotseka. Tsiku lina magetsi anazima 10 koloko m'mawa. Patatha mphindi 10 kompyuta inadzitseka monga tinaiuzira. Magetsi anabwera patatha mphindi 25 chizimireni, batire lisanathe. Ndiye kuti pa chingwe cha kompyuta magetsi sanachokepo ngakhale pang'ono, chifukwa yupiesi inali ikuperekabe. Kompyuta sinaone kubwerera kulikonse, ndipo inagona masiku atatu. Chodabwitsa n'chakuti magetsi akazima tsiku lonse zonse zinkayenda bwino, popeza batire linkatheratu. Mukaona kompyuta yanu ikubwerera pambuyo pa mdima wautali koma ikusowa pambuyo pa waufupi, vuto ndi limeneli.

Mankhwala ake enieni ndi oti kompyuta, isanamalize kudzitseka, ilamule yupiesi kudula magetsi otuluka n'kudzawabwezera a pakhoma akabwera. Pa Linux, pulogalamu ya NUT imachita zimenezi ikakonzedwa bwino, ndipo lamulo lomaliza limene imapereka ndi ili:

```
upsdrvctl shutdown
```

Musalilembe nokha muli kutali kapena mafayilo ali otsegula, chifukwa limaduladi magetsi. Si yupiesi iliyonse imene imamva lamuloli, n'chifukwa chake ndimaonjezera njira yachiwiri: mu BIOS momwemo muli wotchi yodzutsa kompyuta, yolembedwa Resume by RTC Alarm, kapena Auto On Time pa Dell. Ikani kuti izidzuka tsiku lililonse, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa. Pa ola limenelo magetsi akakhalapo, kompyuta yogona idzuka, ndipo masiku atatu aja amasanduka usiku umodzi. Kwa mayi aja tinachita zimenezi.

Nanga yupiesi yotchipa yopanda chingwe cha USB? Imeneyo siuza kompyuta kanthu. Batire likatha kompyuta imangozima mwadzidzidzi, magetsi akabwera imayaka. Msampha uja kulibe, koma fayilo imene inkalembedwa nthawi imeneyo ikhoza kuonongeka. Ngati mumasunga zinthu zanu kawiri pamalo ena, ine sindingakuletseni.

Kuyaka kokha sikukwanira. Kompyuta isamagone tulo, ndipo pa Windows mungailetse motere:

```
powercfg /change standby-timeout-ac 0
```

Pulogalamu imene mumalowera iziyamba yokha munthu asanalembe pasiwedi. Pa Tailscale ya Windows, imodzi mwa mapulogalamu oterewa, chongani Run unattended. Simu khadi ya mu rauta isamafunse nambala yachinsinsi ikayaka. Ndipo bandulo ndi mayunitsi a mita zikatha, palibe BIOS imene ingakuthandizeni, choncho lembani masiku ake penapake.

Musanakwere minibasi, yesani muli m'nyumba momwemo. Zimitsani pa swichi ya soketi, osati kuzula pulagi, kuti waya wopita pansi akhalebe wolumikizidwa. Koyamba dikirani kompyuta idzitseke, yatsani soketi batire lisanathe, muone ngati ibwerera. Kachiwiri siyani batire lithe, ndipo mukayatsa onetsetsani kuti yupiesi ikudzuka yokha, chifukwa zina zimadikira batani. Nthawi zonse ziwiri lowani ndi foni mutazimitsa Wi-Fi, pa data ya foniyo, monga mudzachitire muli ku Limbe. Batire la mtundu umenewu limafooka pa zaka 2 kapena 3, mwinanso msanga ngati likukhuthulidwa kawirikawiri, choncho bwerezani mayeso achiwiriwo mvula isanayambe ndipo mulembe mphindi zimene lapirira pa kapepala komata pa yupiesi.