Ufa wa malambe m'phala ndi m'chakumwa

"Ndagula ufa wa malambe, ndiugwiritse ntchito bwanji ndipo ndiusunge motani?"

Phikani phala lanu mpaka lipse, muliphule, lipoleko mphindi ngati 5. Kenako thirani supuni yaikulu imodzi ya ufawo pa mbale imodzi. Musauthire phala lili pamoto likubwata, chifukwa vitamini C imawonongeka ndi kutentha. Ufawu uli ndi vitamini C wochuluka kuposa wa m'malalanje mukayeza kulemera kofanana, ndiye n'zomvetsa chisoni kumutaya mumphika. Yambani mwausungunula m'kapu ndi madzi pang'ono ofunda. Mukauthira wouma umapanga mibulu yosasweka. Ngati mwathira mkaka, musadabwe phala likalimba kapena mkaka ukadukaduka, ndi kuwawasa kwa malambe kumeneko.

Pa chakumwa, sakanizani masupuni aakulu 4 mu lita imodzi ya madzi owiritsa amene azizira. Takasani, dikirani mphindi 20, musefe ndi kansalu koyera kuchotsa ulusi, kenako thirani shuga. Ufa umakhazikika pansi, choncho khutchumulani musanamwe. Popanda fuliji, imwani tsiku lomwelo.

Mdani wamkulu wa ufawu ndi chinyezi. Usungeni m'botolo louma lotsekeka bwino, pamthunzi, kutali ndi mbaula, ndipo musalowetsemo supuni yonyowa. Wabwino umakhala wotuwira, woyoyoka. Ukagwirana mibulu yolimba, ukamanunkha chuku kapena mukaonamo tizilombo, tayani.