Kalata yofunsira ntchito siyamba ndi moni wakumudzi

Ndaonapo makalata ambiri ofunsira ntchito oyamba motere: “Muli bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino.” Moni wotere ndi wokoma m’kalata yopita kwa amalume, koma kuofesi amaonetsa kuti wolembayo sanasiyanitse kalata yaubale ndi yantchito.

Tinene kuti mukufunsira ntchito ya ulonda pasukulu. Mukalemba keyala yanu, tsiku ndi keyala ya sukuluyo, malonje akhale “Bambo” kapena “Mayi”. Ngati simukudziwa amene adzawerenge, lembani “Bambo/Mayi”, osati “Wokondedwa”, chifukwa mawuwo ndi a anthu ozolowerana. Kenako ikani mutu: KUFUNSIRA NTCHITO YA ULONDA. Chiganizo choyamba chinene kale chomwe mwadzera: “Ndalemba kalatayi pofuna kufunsira ntchito ya ulonda yomwe munalengeza.”

Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi kudandaula. Munthu amalemba kuti “chonde bwana mundiganizire, ana akugona ndi njala.” Mavutowo ndi enieni, sindikukana, koma wolemba ntchito akufuna kudziwa zimene mungathe. Nenani zaka zanu, pomwe munalekezera sukulu ndi komwe munalonderapo.

Samalaninso ndi mawu a pafoni monga “bho” ndi “shapu”. Ngakhale “ndikufuna mundilembe” akumveka ngati lamulo. “Ndidzathokoza mukandiitana kuti tidzaonane” ali ndi ulemu popanda kudzigwetsa. Potsiriza lembani “Ine wofunsira ntchito,” musayine, dzina lanu lonse libwere m’munsi mwake.