Musathamangire masheya chifukwa cha dividendi yokha

Nyengo ino, makampani atayamba kulengeza madividendi pa msika wa masheya wa ku Blantyre, ndaona anthu akuthamangira kugula kutatsala tsiku limodzi kuti masheya ayambe kugulitsidwa opanda dividendi, tsiku limene zilengezo zimalemba kuti ex-dividend. Cholinga chawo n'choti alandire dividendiyo, gawo la phindu la kampani limene limaperekedwa kwa eni masheya, kenako agulitse msanga. Maganizo amenewa ndi akale, ndipo zikundidetsa nkhawa kuti chaka ndi chaka tikubwereza kuwatsutsa.

Dividendi si mphatso yochokera kunja kwa kampani. Ndi ndalama za kampani yomweyo zimene zikuchoka m'thumba lake kupita kwa eni masheya, choncho zikachoka, chuma chimene sheya iliyonse ikuimira chimachepa. Wogula pa tsiku la ex-dividend amadziwa kuti dividendiyo ipita kwa womugulitsa, ndipo sangalipire mtengo wadzulo. Mbuzi ya bere ndi mbuzi yomweyo itaswa, mwana n'kutsala kwa mwini khola, sizigulidwa mtengo umodzi.

Mlimi wina wa fodya wa ku Kasungu anandionetsa mapepala ake. Lachiwiri anagula masheya 2,000 pa K500 iliyonse, ndalama zokwana K1,000,000, atamva kuti kampani ipereka K20 pa sheya. Lachitatu, tsiku la ex-dividend, mtengo unatsika kufika pa K480, iye anachita mantha n'kugulitsa, ndipo anapeza K960,000. "Alangizi, kodi andibera?" anandifunsa. Ndinawayankha kuti, "Ayi bambo, K40,000 imene yasowa pa mtengoyo ndi yomweyo imene ikubwera ngati dividendi." Vuto linali loti dividendiyo inadulidwa msonkho isanafike ku akaunti yake, komanso buloka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, analandira komishoni kawiri, pogula ndi pogulitsa. Akanapanda kugula n'komwe, ndalama zake za fetereza zikanakhala zamphumphu.

N'zoona kuti mtengo sutsika ndendende ndi kuchuluka kwa dividendi nthawi zonse. Pa msika wathu masheya ena amatha masiku osagulidwa, motero mtengo wolembedwa umaoneka ngati sunasunthe, koma pamene mukufuna kugulitsa m'pamene mumapeza kuti palibe wogula pa mtengowo. Nkhani ina yabwino yokhudza kampaniyo ingathenso kukweza mtengo tsiku lomwelo n'kubisa kutsikako.

Ngati mukuifunabe dividendi, yang'anani tsiku la ex-dividend, osati tsiku lowerenga mayina m'kaundula kapena lolipira. Malonda amatenga masiku 3 ogwira ntchito kuti dzina lanu lilowe, choncho kaundula akamawerengedwa Lachisanu, tsiku lomaliza kugula ndi Lachiwiri. Amene muli nawo kale masheya musagulitse chifukwa cha kutsika kwa tsikulo, ndipo musanagule ena, funsani buloka wanu komishoni ndi msonkho, muwerengere zotsala.