Sipuni kapena adzidyera yekha? Onani kaye amene amakhala ndi mwanayo

Amayi ambiri akumandifunsa za njira ija ikutchuka pa foni, yoti mwana akakwana miyezi 6 osamudyetsa ndi sipuni, mungomuikira zakudya zofewa azitola yekha. Njirayi inatchuka ku Britain ndipo ubwino ilinawo, mwana amaphunzira kutafuna msanga komanso akakhuta amangosiya yekha. Koma ine ndisanayankhe ndimayamba ndafunsa kuti kodi masana mwanayo amakhala ndi ndani?

Tiyerekeze mayi wa geni yemwe amalawirira kumsika, mwana nkumusiyira mtsikana wa zaka 12 kapena agogo omwenso ali ndi mphika pamoto. Banja limeneli ndimaliuza kuti gwirani sipuni basi, chifukwa wodzidyera yekha amafuna munthu wamkulu akhale pompo maso ali pa iye mpaka amalize, mwanayo atakhala tsonga osati chogona. Kutsamwa kwenikwenitu kulibe phokoso. Mwana akamakhosomola, nkhope kufiira, kuoneka ngati asanza, musamupisire chala mkamwa, akubweza yekha chakudyacho. Koma akangoti zii, sakulira, sakupuma, milomo yayamba kuda, mugonekeni chafufumimba pamkono wanu mutu uli mmunsi ndikumumenya kasanu pamsana pakati pa mapewa, wina athamangire thandizo. Nde mtedza wathunthu, chimanga chokazinga, nsomba ya minga, izi ayi ndithu.

Sipuni nayo ili ndi pake polakwika, ndipo zimandiwawa ndikaziona. Phala lamadzimadzi longa thobwa, mwana kumupanira pamiyendo nkumamukakamiza uku akulira. Mimba yake ndi kakang'ono, madzi aja amangodzadza malo. Phala likhale lolimba loti mukapendeketsa sipuni lisayoyoke, muthiremo nsinjiro, dzira kapena usipa wosinja, poti pa miyezi 6 ayironi wothandiza kupanga magazi amene anabadwa naye amakhala akutha ndipo mkaka wa m'mawere pawokha sukwanitsanso. Yambani ndi masipuni akulu awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu patsiku, muzionjezera pang'onopang'ono mpaka theka la kapu, bere osasiya. Akatembenuza mutu kapena kutseka pakamwa ndekuti wakhuta, musiyeni.

Apa mpamene kudzidyera kumaperewera, mwana wa miyezi 6 zambiri zimathera pamkeka ndi m'tsitsi, ndipo nthochi ndi mbatata zosavuta kugwirazo ayironi wake ndi wochepa. Wobadwa masiku osakwana, wodwaladwala, kapena amene kusikelo mzere wake sukukwera, ameneyo sipuni ikhale patsogolo.

Kwa mwana wathanzi amene akukhala tsonga ndipo akulanda chakudya m'manja mwanu, phatikizani. M'mawa ndi masana phala la sipuni, madzulo inu mwabwera mwakhala pansi, musambitseni m'manja mumupatse mbatata yophika kapena dzungu lodula kutalika ngati chala chanu, lofewa loti mukalifinya ndi zala ziwiri liphwanyike. Peyala lakupsa limachitanso bwino. Zake mupatule musanathire mchere, ndipo uchi adikire akwanitse chaka.