Kalata yolembedwa ndi makina muyikonze kaye musanaitumize

Alembi a makalabu ndi makopaletivi a alimi ambiri masiku ano sayambanso kulemba kalata yopempha thandizo pa pepala lopanda kanthu. Ena amabwereka fomu yomwe gulu lina linagwiritsapo ntchito n'kungosintha mayina. Ena amauza ChatGPT pa foni kuti iwalembere. Palibe choipa pamenepa, chifukwa zimathandiza kuyala mitu bwino. Koma chomwe chatuluka pamenepo si kalata yanu ayi. Makinawo sanafikepo kudimba kwanu, ndipo fomu yobwereka ikunena za munda wa anthu ena. Ntchito yanu, mlembi, imayambira pomwe makina alekezera.

Musanayambe kukonza, ikani patebulo kaundula wa mamembala, buku la msungichuma ndi buku la mfundo za misonkhano. Kenako werengani chiganizo chilichonse ndi funso limodzi: kodi kalabu ina ya ku Mzimba kapena ku Nsanje ikhoza kusainira pansi pa chiganizochi osasintha kanthu? Ngati ikhoza, chiganizocho sichikunena za inu. Chijambuleni mzere kunsi.

Tiyerekeze kuti kalabu ya mamembala 24 m'dera la zaulimi la Mitundu ku Lilongwe ikupempha mbewu ndi feteleza wa chimanga cha mthirira. Makina alemba motere: "Gulu lathu ndi la alimi akhama omwe akukumana ndi mavuto osiyanasiyana chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Thandizo lanu litukula miyoyo ya anthu ambiri ndi kubweretsa chitukuko chokhazikika m'dera lathu." Mawuwa akumveka bwino, koma wowerenga sanaphunzirepo kanthu. Alimiwo ndi angati? Mavutowo ndi ati? Amene amalandira makalata otere amawerenga ambirimbiri ofanana, ndipo akangoona "mavuto osiyanasiyana" maso amathamangira pa kalata yotsatira.

Pa chiganizo chomwe mwajambula mzere muli ndi njira ziwiri zokha. Ngati mabuku anu ali ndi umboni wake, lembani umboniwo m'malo mwake. Ngati alibe, fufutani chiganizo chonsecho osachita nacho chisoni. Ndime ija ikakonzedwa ikhoza kumveka chonchi: "Ndife alimi 24, amayi 15 ndi abambo 9, ndipo timalima dimba la maekala 6 pogwiritsa ntchito zitsime zinayi ndi makeni. Chaka chatha zitsime ziwiri zinaphwa mu Seputembala chimanga chikumasula, ndipo mamembala 10 sanakolole kanthu. Chaka chino tikufuna kubzala mu Meyi kuti chimanga chikhwime madzi asanachepe." Taonani kuti mawu oti kusintha kwa nyengo mulibemo, koma vutolo likuoneka ndi maso, ndipo chifukwa chofunira thandizo msanga chikumveka chokha.

Mawu opanda mchere aja ndi vuto laling'ono. Loopsa kwambiri ndi manambala. Makinawa amalemba chiwerengero molimba mtima ngakhale atangochipeka, ndipo chiganizo chokhala ndi nambala chimaoneka ngati choona. Mukapeza mawu ngati "alimi 70 mwa 100 aliwonse m'bomali alibe chakudya chokwanira", dzifunseni komwe nambalayo yachokera. Mukalephera kuloza buku, lipoti kapena ofesi yomwe ingaitsimikize, ichotseni. Chimodzimodzi ndi dzina la lipoti kapena la bungwe lomwe simunalimvepo: makinawa amatha kutchula mabuku omwe kulibe. Bwino kulemba za mabanja 24 omwe mukuwadziwa kusiyana n'kulankhulira boma lonse ndi nambala yoti akakufunsani mukasowa poyankha.

Manambala anu omwe nawonso muwawerengerenso ndi cholembera, makamaka pa ekala ndi hekitala, poti apa m'pomwe ambiri amagwa. Hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka, choncho maekala 6 ndi mahekitala 2.4. Pa mlingo womwe alangizi ambiri timaphunzitsa wa matumba awiri a NPK ndi atatu a Yureya pa hekitala, thumba lililonse la makilogalamu 50, dimba ili likufuna matumba 5 okulitsira ndi 7 obereketsa, onse pamodzi 12. Tsono ngati fomu yobwereka ija inali ndi mawu oti mahekitala, inu n'kungolembapo 6, bajeti idzanena matumba 12 a NPK ndi 18 a Yureya, onse 30. Wowerenga wodziwa ulimi akaona maekala 6 pa tsamba loyamba ndi matumba 30 pa tsamba lachitatu, saganiza kuti mwalakwitsa masamu. Amaganiza kuti mukufuna kugulitsa wotsalayo. Mbewu nayo muiyese chimodzimodzi: pobzala njere imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25 ndi mizere ya masentimita 75, hekitala imadya makilogalamu pafupifupi 25, ndiye dimba lonse likufuna 60. Mitengo musaisiye momwe makina alembera. Pitani kwa wogulitsa zipangizo zaulimi pa msika wanu, mufunse mtengo wa lero, ndipo mulembe tsiku lomwe mwafunsalo pafupi ndi mtengowo, chifukwa mitengo ya feteleza sikhalitsa malo amodzi.

Palinso zolakwika zomwe zimabwera chifukwa makinawa anaphunzira pa zolemba za mayiko ena. Akhoza kulemba kuti mvula imagwa Malichi mpaka Meyi monga ku Kenya, pomwe kwathu kuno dzinja limayamba cha mu Novembala kapena Disembala n'kutha cha mu Epulo. Akhoza kuikamo kubwereka thirakitala pa dimba lolima ndi makasu, kapena kutchula mtundu wa mbewu womwe pa msika wanu kulibe. Mayina a malo muwalembe motsatana momwe ofesi imawadziwira: mudzi, gulupu, mfumu yayikulu, dera la zaulimi ndi boma. Ndipo fufuzani tsamba lililonse ngati mwatsala dzina la kalabu yomwe munabwerekako fomu, chaka chakale, kapena mpata wosadzaza. Zoterezi zimakonda kubisala pamwamba ndi pansi penipeni pa tsamba, ndiponso m'munsi mwa tebulo la bajeti.

Chinthu china chomwe chimandidetsa nkhawa ndi malonjezo. Makina amakonda kumaliza ndi mawu ngati "zokolola zidzachuluka kawiri" kapena "tidzaphunzitsa midzi yoyandikana nafe". Mukasainira, limenelo lasanduka pangano, ndipo pa lipoti lomaliza adzakufunsani. Lonjezo lililonse lomwe silinakambidwe pa msonkhano wa kalabu lichoke, kapena mukalikambirane kaye. Dziwaninso kuti manambala a ziphaso za unzika ndi a mafoni a mamembala si oyenera kuwalowetsa m'makinawa. Muwalembe nokha pa pepala lomaliza.

Mukamaliza, werengani kalatayo mokweza pamaso pa komiti. Ngati ili m'Chingerezi, muziimasulira ndime ndi ndime. Pomwe mukulephera kumasulira m'Chichewa chomveka, kawirikawiri m'pomwe patsala mawu opanda kanthu. Pomwe a msungichuma akudulani kuti, "Iyayi, zitsime zinaphwa zinali zitatu," imani, mutsegule buku la mfundo za misonkhano, mukonze pomwepo. Kenako tengani kalatayo pamodzi ndi mabuku atatu aja mupite nazo kwa mlangizi wa dera lanu aonenso milingo ya mbewu ndi feteleza, wapampando asanasainire.