Momwe mungathandizire mwana kusandutsa funso la mafulakishoni ndi maperesenti kukhala samu

Ana ambiri a Sitandade 7 ndi 8 amatha kuchulukitsa ndi kugawa bwinobwino, koma funso likabwera ngati nkhani amangotola manambala onse nkuyamba kuwasakaniza. Chimene amadumpha ndi kudzifunsa kuti: fulakishoni imeneyi ndi ya chiyani?

Tiyeni titenge funso ili. Mayi wina anapikula mazira 60. M'mawa anagulitsa 2/5 ya mazirawo, masana anagulitsa 25% ya otsala. Watsala ndi mazira angati?

Choyamba, mwana asagwire pensulo. Afotokoze nkhaniyo m'mawu akeake, kenako anene chimene chikufunidwa, chomwe ndi mazira otsala, osati ogulitsidwa.

Tsopano atenge chiganizo chimodzichimodzi. Pa mawu akuti "2/5 ya mazirawo", kamawu koti "ya" kakutiuza kuti tichulukitse, ndipo mazirawo ndi onse 60 aja:

2/5 × 60 = 24

Ngati zikumuvuta, ajambule bokosi lalitali nkuligawa zigawo zisanu zofanana. Chigawo chilichonse ndi mazira 12. Akhwatche ziwiri, zomwe ndi mazira 24 ogulitsidwa m'mawa.

Chiganizo chachiwiri ndiye chili ndi msampha. Funso silikunena 25% ya mazira onse, likuti ya otsala, ndipo nambala ya otsalawo sinalembedwe paliponse. Mwana ayenera kuipeza yekha asanapitirire:

60 − 24 = 36

Peresenti ndi fulakishoni yomwe pansi pake pali 100, choncho 25% ndi 25/100, yomwe ndi 1/4:

1/4 × 36 = 9

36 − 9 = 27

Mayiyo watsala ndi mazira 27.

Mwana akapeza 21, dziwani kuti watenga 25% ya 60, napeza 15. Chovuta nchakuti akaphatikiza 24 + 15 + 21 amapezabe 60, ndiye amaona ngati wakhoza. Ine ndimaona kuti kuphatikizako sikukwanira. Mufunseni kuti pamene masana ankakwana, patebulo panali mazira angati. Akayankha kuti 36, achulukitse 15 wakeyo ndi 4. Apeza 60 m'malo mwa 36, ndipo aona yekha pamene wapotokera.

Nthawi zina chinthu chonsecho ndi chimene chabisidwa. Mtengo wa nsapato wakwera ndi 20% kufika pa K6,000, kodi poyamba unali bwanji? Apa 20% ndi ya mtengo wakale, womwe sitikuudziwa, choncho mwana aike kabokosi m'malo mwake. Mtengo wakale ndi 100%, watsopano ndi 120%:

120/100 × □ = 6,000

□ = 6,000 × 100 ÷ 120 = 5,000

Wochotsa 20% pa K6,000 amapeza K4,800. Muuzeni awonjezere 20% pa yankho lakelo: afika pa K5,760, osati K6,000.