Khanda logona mchipinda chimodzi ndi banja lonse

"Tili ku Angónia, nyumba ya chipinda chimodzi, ana atatu kuphatikiza khanda la miyezi 2. Likangogona anzake amalidzutsa, tipange bwanji?"

Mayi, yambani ndi malo. Khanda likhale kumbali kwanu, osati pakati pa inu ndi bambo ake, ndipo azikulu ake asamagone nalo pamodzi chifukwa ana akagona amagubuduzika osadziwa, atha kulitsamira. Ligonekeni chagada pa matilesi olimba kapena pamphasa yoyala bwino, popanda pilo, bulangete lifike pachifuwa basi, osaphimba mutu ngakhale kuzizire bwanji mu Juni muja. Neti muipisire bwinobwino kuti isagwere pankhope. Ngati bambo amwako kapena amasuta, khanda ligone pamalo pake lokha pafupi nanu.

Kenako kuwala. Mangani chingwe mupachike chitenje chokhuthala pakati, koma chisalendewere pomwe khanda lagona, ndiye akusukulu aziwerenga mbali inayo ndi tochi yoloza pansi. Poyamwitsa usiku musayatse getsi lonse, katochi kafoni mutakalozetsa kukhoma kakwana. Masana tsegulani zenera kuwale, ndimmene limaphunzirira kusiyanitsa usana ndi usiku. Kandulo ndi koloboyi pafupi ndi neti ayi, ndipo mbaula yamakala isagone mnyumba, mpweya wake umapha osamveka fungo.

Za phokoso musavutike kuletsa aliyense kuyankhula, makanda amazolowera mawu apansipansi, chomwe chimawadzidzimutsa ndi chitseko kumenyetsa kapena mapoto kugwa. Pakani mafuta pamahinjesi, mayunifomu ndi ndowa muzitulutsiratu madzulo kuti mmawa ana akavalire pakhonde.